Wakutsina Khutu ndi Mnansi

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Ankanena za munthu amene wamva kanthu kokukhudza, ndipo m'malo mokhala nako chete amakusendera pafupi n'kukuuza nthawi ikadalipo. Mwambiwu timakonda kuutchula pochenjezana za ngozi, koma kuno ku Jenda ine ndimaukumbukira kwambiri ikakhala nkhani ya ntchito. Malo a ntchito akatseguka pena pake, woyamba kumva nthawi zambiri sakhala amene ntchitoyo ikumuyenera. Amayamba kumva ndi uja ali kale pantchito, wa foni yaikulu ndi bandulo yosatha, yemwe nambala yake ili m'magulu ambirimbiri a WhatsApp. Woyenerayo amakhala ali ku dimba akuthirira tomato, satifiketi yake ya MSCE ili m'chikwama pansi pa bedi. Kuti ntchito ikumane ndi mwini wake, pamafunika wina woti atsine khutu.

Jenda ndi malo odutsa. Msewu wa M1 umachokera ku Kasungu n'kupitirira kulowera ku Mzuzu, wina umapatuka kupita ku Embangweni mpaka ku Edingeni kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndipo malire a Zambia, njira ya ku Lundazi, ali pafupi pomwepa. Basi ikaima, amayi amathamangira ndi mabeseni a tomato, anyezi ndi mbatatesi. Katundu amatsika, wina amakwera. Koma nkhani za ntchito zimangodutsa osatsika. Zimasindikizidwa m'Chingerezi mu The Nation ndi The Daily Times, nyuzipepala zimene munthu wa ku Luwerezi kapena kwa Khosolo atha kutha mwezi osazigwirapo. Zina zimamatidwa pa bolodi ku maofesi a khonsolo ya M'mbelwa ku boma la Mzimba, ulendo umene munthu sangaulipire thiransipoti kungoti akaone ngati pamatidwa pepala latsopano. N'chifukwa chake olemba ntchito ambiri, aang'ono ndi akulu omwe, anazolowera kupempha anzawo kuti, "Chonde, tumizirankoni ena amene ingawayenere."

Pempholi ndi labwino, ndipo ndimalikonda. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri timalipempha mwaulesi n'kuliyankhanso mwaulesi. Wopempha amaponya uthenga m'gulu lililonse limene alimo. Wopemphedwa amadina kawiri, uthenga wapita kwa anthu mazana, iye n'kumva ngati wathandiza. Kumeneko ndi kukuwa pamsika. Wotsina khutu amasendera kwa munthu mmodzi, amene akumudziwa dzina ndi manja ake, n'kumuuza kuti ichi n'chako.

Anthu a ku Mzimba zimenezi amazidziwa kuyambira kale. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, kufikira mu 1974 pamene ndege itanyamula Amalawi obwerera kwawo inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, anthu oposa 70 n'kufa, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Kulembako kunadzayambanso kudzera ku Teba, n'kutheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Chiyambire pamenepo anyamata a kuno amapita okha, ndipo chimene chimawaitana ndi foni ya m'bale kapena mnzawo: abwana akufuna wa m'gadeni, pa famu pali malo, bwera msanga. Woimba foniyo sasankha mwachisawawa. Amadziwa kuti akaitana kamberembere, abwana adzayang'ana iye, ndipo ntchito yake yomwe ikhoza kugwedezeka. Amayamba waganiza kaye: ndani samwa kwambiri, ndani amadzuka m'mawa, ndani sangatole kanthu m'nyumba ya eni. Nzeru imeneyi timaigwiritsa ntchito ikakhala ya ku Joni, koma ikakhala ntchito ya pano pakhomo timaitaya. Chikhalirecho n'chimodzimodzi. Wokupempha kuti ufalitse malo a ntchito akubwereka zinthu ziwiri kwa iwe, maso ako odziwa anthu ndi dzina lako.

Ndinaona zimenezi pafupi kwa mayi wina wogulitsa zipangizo za ulimi pano pa Jenda. M'shopu mwake muli feteleza wa NPK ndi Urea m'matumba a makilogalamu 50, mbewu ya chimanga, timapaketi ta mbewu za tomato ndi kabichi, mankhwala opopera ndi masipuleya. Mvula ikamayandikira, mu Okotobala ndi Novembala, munthu mmodzi sangakwanitse kulandira ndalama, kulemba malisiti, kuyang'anira onyamula matumba, ndiponso kuyankha mlimi amene wabwera ndi tsamba la tomato lakuda akufunsa mankhwala. Ankafuna kalaliki. Uthenga wake woyamba unali wa mizere iwiri: tikufuna munthu wa m'shopu, amene ali ndi chidwi ayimbe pa nambala iyi. Anautumiza kwa aliyense, aliyense n'kuutumizanso kwa aliyense.

Foni inalira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ena ankangofulasha kuti iye awaimbire. Ena anali ku Lilongwe ndi ku Karonga, akufunsa ngati pali nyumba. Ambiri funso lawo loyamba linali la malipiro, poti uthenga sunanene. Wina anali wa digiri, wina sanamalize Sitandade 8, ndipo onsewa sanalakwe kuimba, chifukwa mawu oti "munthu wa m'shopu" sakana aliyense. Achibale nawo anayamba kubwera, aliyense ndi mwana wake kumbuyo. Itatha sabata, mayi uja anali atatopa, ndipo mwa onse amene anaimba panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanati uyu ndamudziwa.

Vuto silinali kwa anzake otumiza aja. Munthu sangakusankhire woyenera ngati iwe mwini sunanene kuti woyenerayo ndi wotani. Choncho ntchito yoyamba inali yokhala pansi ndi cholembera, n'kulemba zimene kalalikiyo azichita kuyambira kutsegula chitseko mpaka kutseka. Zitalembedwa, zofunika zinaonekera zokha. Azitha masamu a ndalama ndi kusunga buku la katundu, kotero MSCE ikufunika, makamaka wokhoza masamu. Azitha kuwerenga Chingerezi cha pa botolo la mankhwala, chifukwa pamenepo ndi pamene pamalembedwa mlingo wothira m'sipuleya ndi masiku oyenera kudikira usanathyole tomato wopoperedwa. Azilankhula Chitumbuka bwinobwino, poti alimi ambiri obwera m'shopumo, a kuno ndi a kutsidya kwa malire omwe, amafunsa m'chilankhulo chimenecho. Azikhala pamtunda woti afike pa Jenda m'mawa popanda kudalira galimoto, chifukwa shopu ilibe nyumba yopatsa wantchito. Ndipo ngati analimapo tomato yekha, ndiye bwino koposa.

Uthenga wachiwiri unanena zonsezi. Unatchula dzina la shopu ndi pamene ili, dzina la ntchito, masiku ndi maola ogwira, ndi malipiro a pamwezi m'manambala. Ambiri amaopa kulemba malipiro, amati tidzakambirana. Ine ndimati kubisa malipiro n'kuonongera anthu thiransipoti, chifukwa wina adzachoka ku Emfeni kudzamva ndalama imene akanaikana ali kwawo. Uthengawo unanenanso zobweretsa: kalata yofunsira ntchito yolemba pamanja, fotokope ya satifiketi ndi ya chiphaso cha unzika, ndi mayina a anthu awiri osakhala achibale oti angamuchitire umboni. Unanena kuti makalata asiyidwe pa shopu m'envulopu, osati kuimba foni. Unatchula tsiku lotseka, mwezi wake ndi chaka chomwe, ndipo unapereka masabata awiri, kuti Lamulungu lidutsepo kawiri. Pamapeto panali mzere wakuti palibe ndalama iliyonse yolipira pofunsira ntchitoyi. Unalembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, pa tsamba limodzi, kuti ukajambulidwa pa foni ukwane wonse m'chithunzi chimodzi.

Kenaka panabwera kusankha oti awapemphe. Apa mtima umathamangira kwa anzako a ponda apa m'pondepo, amene mumadyera mbale imodzi. Koma taganizani: mnzako wapamtima amadziwa anthu omwewo amene iwe ukuwadziwa. Mumapemphera kumodzi, maliro mumakhuza amodzi, ana amene iye angawatchule iwe unawaganizira kale. Amene angakufikitse kumene iwe sufika ndi uja mumangopatsana moni mwaulemu. Katswiri wina wa ku America, Mark Granovetter, anafufuza zimenezi pakati pa anthu amene anali atangopeza ntchito m'tauni ya Newton ku Massachusetts, n'kulemba zotsatira zake mu 1973 ndi 1974. Anapeza kuti oposa theka anamva za ntchito zawo kudzera mwa munthu, ndipo mwa amenewo ambiri anamva kwa munthu amene ankaonana naye mwa apo ndi apo, osati wa tsiku ndi tsiku. Za ku America n'za ku America, koma chifukwa chake chimagwiranso pa Jenda. Nkhani yatsopano imabwera ndi munthu woyenda m'mabwalo ena.

Mayi uja anasankha anthu owerengeka. Anapita kwa mphunzitsi wa masamu wa pa sekondale ina yoyendera, amene ana a Folomu 4 akhala akudutsa m'manja mwake chaka ndi chaka. Anapita kwa mlangizi wa zaulimi, amene amadziwa achinyamata a m'makalabu a alimi ndiponso amene amasunga bwino mabuku a gulu. Anapita kwa mlembi wa mpingo wa CCAP ndi kwa katekisiti wa Akatolika, osati mpingo wake wokha. Anapitanso kwa mayi wina wosunga bokosi la banki m'khonde. Aliyense anamufikira payekha, ndipo mawu ake anali otere: "Aphunzitsi, sindikupempha kuti mutumize kwa anthu ambiri ayi. Mwa ana amene munawaphunzitsa, mundiganizireko awiri kapena atatu amene mungawasiyire ndalama za sukulu osadandaula. Muwapatse pepalali, muwauze kuti alembe." Kwa mlembi wa mpingo anapempha zosiyana pang'ono, kuti pepalalo liwerengedwe pa zolengeza n'kumatidwa pakhomo la tchalitchi, chifukwa kumeneko amamva ndi makolo, ndipo kholo likamva limakafikitsa kwa mwana amene alibe foni.

Pempho lotere limamulemekeza munthu. Ukamuuza mphunzitsi kuti tumizani kwa onse, wamusandutsa chimkuzamawu. Ukamuuza kuti ndiganizireni awiri, wamufunsa nzeru, ndipo amakagona nalo funsolo. Mphunzitsi uja anakumbukira mtsikana wina amene anakhoza bwino masamu koma fizi ya kukoleji inasowa, ndipo tsopano ankathandiza amayi ake kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Mtsikanayo uthenga woyamba uja sunamupeze n'komwe, ngakhale unazungulira Jenda yense, chifukwa foni yake inali yaing'ono ya mabatani. Ndipo ukanamupeza, mwina sakanalemba. Ichi n'chinthu chimene ambiri sitichiona. Achinyamata ambiri a kumudzi, makamaka atsikana, akaona chilengezo cha ntchito amati n'za ena izi, zili kale ndi eni ake. Pepala lokha silingachotse maganizo amenewo. Amawachotsa ndi munthu amene amamulemekeza akamuuza kuti, "Mwana wanga, ndawerenga zimene akufuna, ndipo iwe uli nazo zonse. Lemba." Mawu amenewo ndiye kutsina khutu kwenikweni, ndipo amalemera kuposa kutumiza uthenga kwa anthu chikwi.

Wopemphedwa naye ali ndi udindo wake, ndipo woyamba ndi wofikitsa uthenga wathunthu. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Chilengezo cha ntchito chikamayenda pakamwa chimathothoka. Woyamba amati akufuna kalaliki wa MSCE pa shopu ya zaulimi, makalata afike pofika Lachisanu la sabata yamawa. Wachitatu amati pa Jenda akulemba anthu. Wachisanu amati kwabwera bungwe. Pa foni napo zimachitika: wina amajambula theka la pepala, mzere wa tsiku lotseka n'kutsala kunja, kapena chithunzi chimajambulidwa mobwerezabwereza mpaka manambala osaonekanso. Choyamba kutayika nthawi zonse chimakhala tsiku lotseka ndi kumene makalata akupita, zinthu ziwiri zimene wofunsira sangachite kanthu popanda izo. Choncho ngati watumidwa, pereka pepala lenilenilo kapena chithunzi chake chonse. Mawu ako owonjezera, olimbikitsa kapena ofotokoza, uwanene pambali, osawasakaniza ndi a eni ntchito. Ndipo fulumira. Masabata awiri kwa munthu wa m'tauni ndi nthawi yambiri, koma wa kumudzi ayenera kupeza ndalama ya fotokope, kudikira tsiku limene magetsi ayaka pa malo ojambulira, mwina kukatenga kaye satifiketi imene idakali ku sukulu chifukwa cha ngongole ya fizi. Ukasunga uthenga masiku anayi m'foni mwako, wamudyera masiku amenewo.

Udindo wachiwiri ndi wolemera kwambiri, ndipo ndi wofufuza ngati chimene ukutumizacho n'choona. Pa nkhani ya mayi wa shopu zinali zosavuta, poti mwini wake anabwera yekha. Koma zilengezo zambiri zimatipeza zitadutsa m'manja osadziwika, ndipo zina ndi misampha. Zimabwera ndi chizindikiro cha unduna kapena cha bungwe lodziwika, chokopedwa bwinobwino. Pozizindikira pali zinthu zoyang'ana. Ntchito zambirimbiri nthawi imodzi, m'maboma onse, malipiro okwera koma zofunika zochepa. Keyala ya imelo yothera pa gmail.com pamene akuti ndi boma kapena bungwe lalikulu. Nambala ya foni ya m'manja yokha, popanda ofesi imene munthu angapiteko n'kugogoda. Ndipo chachikulu pa zonse, ndalama: ya fomu, ya yunifolomu, ya kuchipatala, yoti dzina lako lilowe pa mndandanda, yotumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba lero lomwe. Wolemba ntchito weniweni sagulitsa mwayi wofunsira. Zoitanira anthu kunja kwa dziko ndiye zofunika kuziopa kawiri. Atsikana a ku Malawi amene anakazunzika m'nyumba za eni ku Oman ambiri anakopeka ndi uthenga wolonjeza ntchito yabwino, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2015 lolimbana ndi kuzembetsa anthu chifukwa zoterezi zimachitikadi.

Chimene chimapangitsa msampha kugwira ndi dzina la wotumiza. Mnyamata akalandira chilengezo kuchokera kwa nambala yachilendo amakayika. Akachilandira kuchokera kwa amalume ake, kwa a hedi kapena kwa mkulu wa mpingo, amagulitsa mbuzi n'kutumiza ndalama, chifukwa amati munthu ngati ameneyu sangandinamize. Amalumewo sananame, anangodina osawerenga. Koma mbuzi yapita. Kufufuza sikutenga nthawi yaitali. Ngati akuti ndi ntchito ya khonsolo, pali anthu a khonsolo amene timawadziwa, aimbireni. Ngati akuti ndi ya chipatala cha mishoni, monga cha Embangweni kapena cha Katete, funsani kwa wogwira ntchito kumeneko ngati pa bolodi lawo pamatidwadi pepala lotere. Gwiritsani nambala imene mwaipeza nokha, osati imene yalembedwa pa chilengezocho. Mukalephera kutsimikiza, lisiyeni lifere m'foni mwanu, kapena munene poyera kuti izi sindinazitsimikize, musalipire kanthu.

Ngakhale chilengezo choona chimavulaza chikafalitsidwa mopanda malire. Mu Juni 2020 unduna wa zaumoyo unaitana anthu ofuna ntchito ya alangizi a zaumoyo kuti angofika pa malo a mayeso popanda kusankhidwa kaye. Pa sekondale ya Katoto ku Mzuzu panasonkhana chikhamu cha achinyamata, anakankhana pa geti, ndipo ambiri anavulala n'kutengeredwa ku chipatala. Tsiku limenelo linaonetsa kuchuluka kwa ludzu la ntchito m'dziko muno. Linaonetsanso kuti mawu oti "uzani aliyense abwere" ali ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi osauka, amene amakongola ndalama ya basi kupita ku mpikisano umene mwayi wawo ndi wochepetsetsa. Ukamuuza munthu za ntchito imene ukudziwa kuti zofunika zake alibe, sunamukomere mtima. Ngati akufuna namwino wolembetsedwa ku bungwe la anamwino ndi azamba, mwana wa mlongo wako amene anangophunzira za chithandizo choyamba sangalowe, ngakhale atalemba kalata yokoma chotani. Kumuuza zoona n'kumusungira ndalama ya envulopu ndi mtima wake womwe.

Tsopano pali malire ena amene mwambi wathu uja sutchula koma tiyenera kuwaika tokha. Kutsina khutu kumathera pa khutu. Ukamuuza munthu, iye n'kulemba, mbali yako yatha, pokhapokha eni ntchito akufunse umboni, ndipo pamenepo unene zoona zokhazokha. Vuto la kwathu kuno n'lakuti wofalitsa uthenga amayamba kudziona ngati ali ndi gawo pa ntchitoyo. Amabwera madzulo n'kuti, "Mlamu, mwana uja ndinakutumizirani, musandichititse manyazi." Ena amafika pouza mwanayo kuti malipiro oyamba tigawana. Apa chithandizo chasanduka ngongole, ndipo mawa wolemba ntchitoyo sadzapemphanso munthu, adzangotenga mwana wa mchimwene wake mwakachetechete. Chibale ndi fupa, sichiola, zimenezo n'zoona, ndipo palibe cholakwika kuti m'bale wako amve nawo za ntchito. Cholakwika n'chakuti amve yekha, kapena kuti chilengezo chizungulire dera lonse pamene munthu anasankhidwa kale. Achinyamata amazindikira msanga zoterezi, ndipo n'zimene zimawaphunzitsa kunena kuti zili ndi eni ake.

Lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limaletsa kusala wantchito kapena wofunsira ntchito chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, chipani, kulumala, kukhala mwamuna kapena mkazi, kapena kukhala pabanja.  Kunena kuti kalaliki wa pa Jenda azidziwa Chitumbuka n'koyenera, poti alimi azilankhula naye. Koma kunena kuti akhale Mtumbuka kapena Mngoni, kapena wa mpingo wathu, ndi nkhani ina. Mchewa wa ku Kasungu amene anakulira pa Jenda n'kumalankhula Chitumbuka ngati mwini wake akuyenera mofanana. Tsankho lotere kawirikawiri sililembedwa pa pepala. Limalowa kudzera mwa anthu amene tawasankha kuti afalitse. Ukapempha a mpingo umodzi okha, amuna okhaokha, a mfunda umodzi okha, makalata amene adzabwere adzafanana ndi amene unawatuma, iwe n'kumati ena sanafune. N'chifukwa chake zinandikondweretsa kuti mayi uja anagogoda pa makomo osiyanasiyana. Ku Embangweni kuli sukulu ya ana osamva ya Sinodi ya Livingstonia, ndipo ndimadzifunsa kuti ndi olemba ntchito angati a dera lino amene anayamba atumizako chilengezo kwa aphunzitsi a kumeneko, ngakhale pa ntchito za manja zimene kumva sikufunika kwenikweni.

Makalata amene anafika pa shopu paja anali ochepa, okwana kuwawerenga madzulo amodzi, ndipo pafupifupi onse anali a anthu okhala ndi zofunika zija. Mayi uja anaitana anayi. Kuti pasakhale zoti uyu watumidwa ndi uje, onse anawapatsa mayeso amodzi, pamaso pa mlangizi wa zaulimi wa dera lina amene sanatumize munthu aliyense. Funso loyamba linali la buku la katundu: m'mawa muli matumba 40 a Urea, masana lole yatsitsa 25, pofika madzulo malisiti akuonetsa kuti agulitsidwa 17, koma powerenga m'nyumba yosungira mwapezeka 47. Atatu anapeza kuti payenera kukhala 48 ndipo limodzi lasowa. Funso lenileni linali lotsatira, lakuti ukatero uchita chiyani. Wina anati angalembe 47 kuti buku ligwirizane ndi zimene zilipo. Mtsikana wa mphunzitsi uja anati angawerengenso matumba, n'kuonanso malisiti ndi pepala la lole, ndipo zikapanda kugwirizana angauze mwini shopu tsiku lomwelo asanatseke. Kenaka aliyense anapatsidwa botolo la mankhwala opopera tomato kuti awerenge chizindikiro chake, n'kufotokozera m'Chitumbuka, ngati akuuza mlimi, mlingo wothira m'sipuleya ya malita 16 ndi masiku odikira asanathyole. Mtsikanayo anawonjezera yekha kuti mlimi asapopere mphepo ikuwomba kumaso kwake. Mayi uja anamulemba poyamba kwa miyezi itatu yoyeserera, n'kumupatsa kalata yonena ntchito yake, maola ndi malipiro.

Panatsala kanthu kamodzi kamene ambiri amakaiwala. Mayi uja anabwerera kwa onse amene anawatuma, mmodzimmodzi, kukawathokoza ndi kuwauza kuti malo aja adzadza. Mlembi wa mpingo anachotsa pepala pakhomo la tchalitchi n'kulengeza Lamulungu lotsatira. M'magulu a WhatsApp mmene munadutsa uthenga woyamba uja analembamo kuti ntchito ija yatha, musatumizenso. Popanda zimenezi chilengezo sichifa. Chimazungulira miyezi, chaka chamawa n'kudzukanso mvula ikamayandikira, anthu n'kumayenda mitunda ndi maenvulopu kulondola ntchito imene mwini wake ali kale pa kauntala. Atatu amene sanalembedwe anawaimbira yekha foni. Kwa mlangizi wa zaulimi, amene mnyamata wake anali wachiwiri, ananena mosabisa kuti masamu anakhoza koma Chingerezi cha pa botolo chinamuvuta, kuti mlangiziyo adziwe pomuthandiza. Anapemphanso mnyamatayo ngati angalole kuti kalata yake isungidwe, ndiponso kuti dzina lake litchulidwe kwa wamalonda wina wogula soya ndi mtedza, amene nthawi yokolola amafuna munthu wa pa sikelo. Mnyamatayo anavomera, ndipo mu Meyi anaitanidwa kukayamba.